Kageni ka mtedza wokazinga pa holide: mmene ungapezere ya sopo ndi makope osasiya mabuku

Mphwanga, ngati uli ku sekondale ndipo holide yayandikira, usayambe ndi funso loti ndigulitse chani. Yamba ndi loti ndili ndi maola angati. Ana asukulu ambiri amene geni imawasokoneza sikuti anasankha katundu woipa ayi, koma anasankha geni yopanda nthawi yowerukira. Mandasi mwachitsanzo amayenda bwino kwambiri koma amafuna udzuke 4 koloko m'mawa kukanda ndi kukazinga, ndipo akatsala sungawasunge, ndiye umangozungulira nawo mpaka madzulo kuti athe, pofika kunyumba mutu suthanso kugwira masamu. Ndiye ine ndikuuza za mtedza wokazinga wamchere, chifukwa umaukazinga kawiri pa sabata basi, ukauma bwino umakhala masiku angapo osawonongeka, mpamba wake ndi wochepa, komanso utha kugulidwa iwe uli kunyumba ukuwerenga.

Choyamba, gawa tsiku lako usanagwire ndalama iliyonse

Tenga pepala ulembe. M'mawa kuyambira 6 koloko mpaka 8 koloko, kapena ukangomaliza kusesa ndi kutunga madzi, ndi nthawi ya mabuku ndipo imeneyi siyigulitsidwa. Ndikunena m'mawa dala, chifukwa ukati ndiwerenga usiku ndikabwerako, udzapeza magetsi azima kapena tulo takugwira, tsiku lapita. Nthawi yogulitsa ikhale masana, kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka 5 koloko, maola atatu, pamene anthu akuweruka komanso kanjala kamasana kayamba. Ikakwana 5 koloko uzibwerera kunyumba kaya katundu watha kaya sanathe. Apa ndi pamene mtedza umaposera mandasi, wotsala uugulitsa mawa.

Ngati ukulowa Fomu 2 kapena Fomu 4, kumbukira kuti kutsogolo kuli mayeso a MANEB, JCE ndi MSCE, ndiye iwe onjezera ola lina lowerenga madzulo ndipo uzigulitsa masiku anayi okha pa sabata. Holide yaitali ija ya pakati pa Fomu 3 ndi Fomu 4 ndi imene anzako amamalizira kubwereza za Fomu 3, ndipo mafunso ambiri a MSCE amachokera komweko, usayipereke yonse ku geni.

Chachiwiri, kambirana ndi makolo

Osayamba mobisa. Auze mayi kapena amene akukusunga kuti mukufuna ndichite zakutizakuti, nthawi yake ndi iyi, ndizikagulitsira apa. Pali zifukwa zenizeni. Mbaula, chiwaya ndi lichero ndi zawo. Mpamba mwina uchokera kwa iwo. Komanso mukapanda kugwirizana poyamba kuti ndalamayi ndi ya chani, tsiku lina kunyumba kukasowa ndiwo adzatenga pa mpamba wako, osati mwankhanza ayi koma chifukwa sanadziwe kuti K10,000 ili m'kachitini ija si phindu. Anene okha kuti pa phindu uzithandiza zingati pakhomo, zotsala zikhale za sukulu.

Za malamulo, Employment Act ya 2000 imaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 sayenera kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yosokoneza sukulu. Ndiye wina akakuitanira ganyu yopopera mankhwala m'munda wa fodya, yonyamula matumba a simenti tsiku lonse kapena yogulitsa pamalo omwera mowa, kana, ngakhale ndalama yake ikuoneka yokoma.

Mpamba usakatenge katapila. Pempha kwa makolo, achimwene, azakhali, kapena gwira kaganyu kopepuka masiku awiri atatu monga kuchapa kapena kuthirira dimba la aneba. Ngati kwanu munalima mtedza ndiye zako zayera, koma usangotapa m'thumba, uyeze ndi kuwalipira mayi pa mtengo wa pamsika ukagulitsa, apo ayi sudzadziwa ngati geni yako ikupindula.

Chachitatu, kugula mtedza

Holide yaitali imabwera anthu atakolola kale, ndiye mtedza umapezeka wambiri ndipo mtengo umakhalako bwino, makamaka ngati uli kufupi ndi madera olima mtedza ngati Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Lilongwe kumidzi. Gula wosenda kale, tsiku la msika, ndipo poyamba gula makilo awiri okha. Usathamangire ndowa yonse usanadziwe kuti anthu akwanuko amagula bwanji.

Mitundu ilipo ingapo. Chalimbana ndi wa njere zikuluzikulu ndipo anthu ambiri amaukonda kukoma kwake, CG7 ndi wofiira uja, njere zake zimakhala zofananafanana ndiye umapsa mofanana pokazinga. Uliwonse ndi wabwino koma osasakaniza mitundu iwiri m'chiwaya chimodzi, waung'ono upserera waukulu usanapse.

Pogula tapa dzanja limodzi kuchokera pansi pa thumba osati pamwamba pokha. Luma njere imodzi, youma bwino imathyoka kuti thwa, yonyowa imakhala ngati mphira. Izi ndi zofunika chifukwa ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda kapena kuti ulemere pa sikelo, ndipo mtedza wotere umachita chuku. Nunkhiza, ukamva fungo la chinyezi usiye. Ukafika kunyumba uthire pa lichero, upete, kenako usankhe ndi manja, chotsa wonse wofwapa, wobooka ndi tizilombo, wakuda, wa nkhungu yobiriwira kapena yoyera. Mu chuku muli poizoni amene amawononga chiwindi ndipo moto wokazingira sumupha, ndiye osanena kuti ndikakazinga zitha. Woipa wachotsawo utaye, osapatsa ang'ono ako kapena kusinjira m'ndiwo.

Chachinayi, kukazinga

Apa ndi pamene geni imakhalira kapena kufa, ndiye werenga mofatsa. Pa kilo imodzi ya mtedza, sungunula mchere supuni yaikulu imodzi m'madzi ochepa, osafika theka la kapu ya tiyi. Madziwo akhale aukhondo. Ika chiwaya kapena poto wokhuthala pansi pa mbaula, makala akhale oti ayaka kale ndipo moto wakhazikika, osati malawi. Osathira mafuta, mtedza uli nawo kale ake.

Thira theka la kilo nthawi imodzi, osadzaza chiwaya. Takasa ndi mthiko osaleka, ukangoleka pang'ono kuti uyankhe foni wapansi wada. Pakapita mphindi khumi kapena kuposerapo uyamba kumva kuthetheka ndi kafungo kaja. Pamenepo waza theka la madzi amchere aja pang'onopang'ono ndi dzanja ukutakasa, amve kuti tsss, madzi auma ndipo mchere utsala woyera pa khungu la mtedza. Pitiriza kutakasa mpaka uumiretu. Ena amayamba kuunyowetsa ndi madzi amchere, kuuyanika pang'ono kenako nkukazinga, nazonso zimatheka, chachikulu ndi choti usachoke pamoto uli ndi chinyezi.

Udziwa bwanji kuti wapsa? Tenga njere ziwiri zitatu, uzipuzire, uzifikise ndi zala. Khungu likachoka mosavuta ndipo mkati mwasanduka mofiirira pang'ono, wapsa. Mkati mukakhala moyera ndiye sunapse, ukoma ngati nyemba zosaphika ndipo ufewa msanga. Mukada ndiye wapserera, uwawa, ndipo kasitomala amene walawa wowawa sabweranso. Uphule usanafike pomwe ukufuna penipeni chifukwa umapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Komanso usadabwe kuti wotentha ukuoneka wofewa ukaluma, umakhala khirichi ukazizira.

Uyale pa lichero mopyapyala, usiye uzizire kotheratu, ola lathunthu ngati nkotheka, pamalo opanda fumbi ndi nkhuku. Ukaumanga m'mapepala uli wofunda umatuluka thukuta mkatimo, mawa lake wafewa. Ukaona timadontho ta madzi mkati mwa pepala dziwa kuti unafulumira.

Chachisanu, muyezo ndi mtengo

Peza kachivindikiro kapena kakapu kamodzi kakang'ono, kakhale muyezo wako mpaka holide ithe. Osayeza ndi dzanja, dzanja limakula ukamamangira munthu amene umamukonda. Samba m'manja ndi sopo, thira muyezo umodzi m'kapepala, finya mpweya utuluke, manga mfundo yolimba. Sunga timapaketito mu bigiri yotsekera bwino.

Tsopano tiwerengere limodzi. Mitengo ikusintha pafupipafupi masiku ano ndiye manambala awa ndi ongoyerekeza, iwe uikemo ya kumsika kwanu. Tinene kuti kilo wagula K4,000, makilo awiri K8,000. Makala K1,000, timapepala K700, mchere K300. Zonse pamodzi K10,000, umenewu ndiye mpamba. Pa makilo awiri aja sikuti onse afika m'mapaketi, wina wataya posankha, wina wapepuka pamoto chifukwa madzi achoka, wina walawa. Utsala ndi mwina kilo imodzi ndi magalamu 700. Ngati muyezo wako ndi wa magalamu pafupifupi 30, upeza mapaketi 55 kapena kuposerapo pang'ono. Tiwerengere 55. Gawa K10,000 ndi 55, paketi iliyonse yakudyera pafupifupi K180. Ukamagulitsa K300, onse akatha ndi K16,500, phindu K6,500.

Ona bwino apa. Kuti mpamba wako ubwerere uyenera kugulitsa mapaketi 34, phindu lonse lili m'mapaketi 21 omalizawo. Ndiye ukapatsa anzako asanu ulere, ang'ono ako nkudya anayi, ena asanu nkutengedwa pa ngongole yosabwezedwa, mapaketi 14 apita, ndi K4,200 imeneyo, watsala ndi K2,300 pa ntchito ya masiku atatu. Anthu ambiri amati geni siyikupindula pomwe vuto lili apa. Ndipo ukawerengera nkupeza kuti paketi ikukudyera K250 pomwe anzako pamsika akugulitsa K300, usakweze mtengo, chepetsa muyezo pang'ono kapena kasake kogula mtedza motsikirapo. Yamba wazungulira uone ena akugulitsa bwanji komanso mapaketi awo ndi aakulu bwanji usanamange ako.

Chachisanu ndi chimodzi, kogulitsira

Njira imene imakusiyira nthawi yambiri yowerenga ndi yosiya katundu kwa ena. Pita pa okala kapena kagolosale ka m'dera lanu, makamaka ka munthu amene amadziwana ndi makolo ako, uwapemphe mwaulemu kuti amayi, ndingasiyeko mtedza pano muzindigulitsira, pa paketi iliyonse K50 ndi yanu. Siya mapaketi 20, muwerengere limodzi, ulembe m'kope iwo akuona. Ukabwera patapita masiku awiri muwerenge otsala, akupatse za amene agulidwa. Pa mapaketi 20 utaya K1,000 ya phindu koma wagula maola amene ukanakhala padzuwa. Ukapeza malo awiri otere, katundu wako woposa theka akuyenda yekha.

Otsalawo ukagulitse wekha pa maola atatu aja. Malo abwino ndi pomwe anthu akhala pansi kapena akudikira, pa chigayo, pa bawo, pomwe akumanga nyumba, pa siteji ya akabaza, pa bwalo la mpira Loweruka ndi Lamlungu. Tsiku la mpira utha kumaliza mapaketi 30 masana amodzi, ndiye ukazinge Lachisanu. Ukafuna kukhala mkati mwa msika dziwa kuti pali tikiti ya khonsolo yolipira tsiku lililonse, uyiwerengere pa zowononga, ndipo m'tauni kugulitsa m'misewu malo osaloledwa akhoza kukulanda katundu yense. Nyamula chenje chokwanira, kasitomala wa K300 akatulutsa K2,000 iwe nkusowa chenje, wapita.

Malo omwera mowa mtedza umayenda kwambiri, zoona, koma usapiteko, kaya ndiwe mnyamata kaya mtsikana. Ndipo iwe mtsikana, munthu akati bwera nawo kunyumba ndigula onse, kapena akakupatsa ndalama yambiri nkumati chenje sunga, usalowe m'nyumba ya munthu ndipo chenje chake um'bwezere. Yenda ndi mnzako ngati nkotheka, ndipo kunyumba adziwe komwe uli. Dzuwa lisakulowere kunja chifukwa cha mapaketi asanu.

Za ngongole yankho ndi limodzi, mpamba si wanga, ndi wa mayi. Anthu amamva msanga ukatero kusiyana ndi kungoti ayi.

Chachisanu ndi chiwiri, kope ndi kasungidwe ka ndalama

Tenga kope lakale lotsala masamba. Madzulo aliwonse lemba zinthu zinayi, mapaketi amene unatuluka nawo, amene abwerera, ndalama imene ili m'manja, ndi zimene wagula. Mphindi zisanu basi. Ndalama ikapanda kugwirizana ndi mapaketi udziwa tsiku lomwelo osati kumapeto kwa mwezi.

Katundu akatha, yamba wachotsa K10,000 ya mpamba uyiike payokha, ndipo chifukwa mitengo imakwera onjezerapo kangachepe, mwina K500, kuti ulendo wotsatira ukagulebe makilo awiri omwewo. Zotsalazo ndiye zako. Usazisunge m'thumba la buluku, zithera mabandulo ndi tchipisi cha pachiwaya. Apatse mayi akusungire mukulemberana, kapena ziikidwe pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kungoti pochotsa amadula, ndiye osamaika ndi kuchotsa tsiku lililonse. Njira ina imene ndimaikonda kwambiri ndi yogula zinthu za sukulu nthawi yomweyo, sabata ino makope ndi zolembera, sabata yamawa sopo ndi mafuta odzola, inayo shuga ngati uli wa boding'i. Kope silingabwerekedwe ndi munthu wofuna ya ndiwo. Ndipo kubetcha mpira usayese nkomwe, phindu la sabata yonse limatha pa mphindi 90.

Ukamakazinga kawiri pa sabata ndipo zikuyenda ngati mmene tawerengera muja, kuchotsapo za eni okala ndi zowonongeka, ukhoza kumatsala ndi K10,000 pa sabata, pa masabata anayi K40,000. Si ndalama ya fizi, koma sopo, makope ndi thiransipoti yobwerera kusukulu zakwana. Katundu akamatha msanga mtima umafuna uwonjezere mpaka makilo khumi, apa ndiye samala, makilo khumi ndi tsiku lonse pa mbaula ndi sabata yonse pamsewu. Onjezera pokhapokha wapeza okala ina yosiyako, osati powonjezera maola ako oyenda.

Mmene ungadziwire kuti sukulu yayamba kuvutika

Osadalira mmene ukumvera mumtima, dziyese. Loweruka lililonse m'mawa tenga pepala la mayeso akale a MANEB la phunziro limene limakuvuta, kaya masamu kaya fizikisi, ulembe motchera nthawi osayang'ana m'buku, kenako uchonge ndi mnzako kapena ndi notsi zako. Lemba malikisi kumbuyo kwa kope la geni lomwe lija. Akamakwera kapena kukhala pomwepo, pitiriza. Akatsika masabata awiri otsatizana, chotsa tsiku limodzi logulitsa. Zizindikiro zina ndi izi, wadumpha kuwerenga kwa m'mawa masiku awiri motsatizana, ukusinza pa buku, kapena uli pakati pa samu koma mutu ukuwerengera mapaketi amene atsala pa okala. Ntchito ya holide imene aphunzitsi anapereka uyimalize m'masabata awiri oyambirira, isadikire usiku womaliza.

Ukhozanso kunyamula tinotsi tating'ono m'thumba, mafomula kapena madeti a hisitole, nkumayang'ana pomwe makasitomala kulibe, koma zimenezi ndi zongowonjezera, sizilowa m'malo mwa maola awiri a m'mawa aja. Masamu safuna kuwerenga pa siteji, amafuna tebulo ndi pensulo.

Ngati mpamba palibiretu

Pali njira ina yosafuna ndalama, kuphunzitsa ana a pulayimale a m'dera lanu, makamaka amene akulowa Sitandade 8 ndipo akudikira mayeso a PSLCE. Lankhula ndi makolo awo osati anawo, tenga ana osapitirira asanu, ola limodzi ndi theka masana, masiku atatu pa sabata, pakhonde la kwanu kapena la mmodzi wa makolowo pomwe akulu akuona. Phunzitsa masamu ndi Chingerezi pogwiritsa ntchito mabuku awo omwe, ndipo mugwirizane kuti azilipira pa sabata, chifukwa ya pamwezi imavuta kutolera holide ikatha. Ubwino wake ukamafotokozera mwana mafulakishoni nawenso ako amakhazikika. Ndalama ya sabata yoyamba itha kukhala mpamba wa mtedza uja.

Holide ya Disembala ndi yosiyana

Imeneyi ndi yaifupi, mvula yayamba, mtedza wakwera mtengo chifukwa anthu akuufuna wa mbewu, ndipo samala kwambiri kuti usagule mbewu yothira mankhwala, imeneyo si yodya. Chinyezi chimafewetsa mtedza msanga ndiye uzikazinga kilo imodzi imodzi. Kumudzi nthawi imeneyi kuli kupalira, m'mawa udzakhala kumunda, ndiye maola owerenga uwasamutsire masana ukapuma ndipo geni ikhale ya pa okala yokha. Komanso nyengo ya mvula kukabuka kolera makhonsolo amatha kuletsa kugulitsa zakudya zophikaphika, monga zinachitikira pa mliri wa 2022 ndi 2023, akalengeza zotero kwanuko imitsa kaye.

Kutseka geni

Kutatsala sabata imodzi kuti sukulu itsegulidwe, usagulenso mtedza wina. Gulitsa wotsala, zungulira ma okala onse utolere ndalama zako ndi kuwathokoza eni ake, uwauze kuti udzabweranso holide ikubwerayi kuti malo ako asatengedwe. Sabata yomalizayo ndi yochapa yunifolomu, kugula zotsala ndi kubwereza notsi za teremu yatha. Mpamba uja usaudye, upereke kwa mayi kapena kwa mkulu amene umamukhulupirira, mulembe kuchuluka kwake m'kope muja, ndipo kopelo ulisunge chifukwa muli mitengo, muyezo ndi malo amene ankagula kwambiri. Mtedza wotsala osapita nawo kukagulitsa m'kalasi usanafunse malamulo a pasukulu panu, sukulu zambiri siziloleza ndipo akhoza kukulanda kapena kukuitanira makolo.